Hatchi ija ananyamula ndani powolokera mtsinje wa Bruinen?

Filimu ya The Fellowship of the Ring, yoyamba mwa zitatu za nkhani ya The Lord of the Rings, ndinayamba ndaionera, buku ndinadzaliwerenga patapita zaka. Izi zinandikhudza m'njira imene sindinaiyembekezere. Pamene ndinkafika pamutu womaliza wa gawo loyamba la bukulo, pomwe Frodo, wonyamula mphete yoopsa imene adani akuifuna, walasidwa ndi mpeni paphewa ndipo anzake akumuthamangitsira ku chigwa cha Rivendell, ndinali ndikudikira munthu mmodzi. Ndinkadikira Arwen, mkazi uja amatulukira m'nkhalango ali pahatchi yoyera, n'kumunyamula Frodo, n'kuthawa naye adani 9 ali pambuyo. Ndinamva mabelu a hatchi akulira m'bukumo, mtima n'kuti wafika. Koma wotsika pahatchiyo anali mwamuna, dzina lake Glorfindel. Ndinabwerera m'mbuyo masamba awiri kuganiza kuti pena ndadumpha. Sindinadumphe paliponse. M'buku la J.R.R. Tolkien, lomwe linatuluka mu 1954, Arwen sapezeka pamtsinje wa Bruinen paja ngakhale pang'ono.

Anthu akamatsutsana za buku ndi filimu yake, kawirikawiri amalira amene wachotsedwa. Amati Glorfindel anamulakwira, Tom Bombadil anamutaya. Ine ndinalirako choncho poyamba. Koma pano ndimaona kuti amene amapwetekeka kwambiri mtengambali wina akachotsedwa ndi amene watsala m'nkhanimo. Mufilimu imeneyi wopwetekekayo ndi Frodo mwini wake, ndipo ndikufuna ndionetse mmene zinachitikira.

Tiyambe ndi vuto limene dairekitala Peter Jackson ndi anzake olemba nawo, Fran Walsh ndi Philippa Boyens, anali nalo patebulo. Buku loyambali lili ndi masamba oposa 400, ndipo munthu akamaliwerenga mokweza amatha maola pafupifupi 19. Filimu yomwe inatuluka mu 2001 ndi ya mphindi 178. Olemba mafilimu amawerengera kuti tsamba limodzi la sikiripiti ndi mphindi imodzi pakanema, ndiye kuti anali ndi masamba osakwana 200, omwe ambiri mwa malo ake ndi opanda kanthu poyerekeza ndi tsamba la buku. Funso loti tichotse kapena tisachotse panalibe. Funso linali loti tichotse chiyani.

Koma nthawi si chifukwa chokhacho, ndipo mwina si chachikulu. Wowerenga buku ali ndi ufulu umene woonera alibe. Dzina likamusokoneza amabwerera m'mbuyo, monga ndinachitira ine. Akhoza kulisiya buku sabata yathunthu n'kudzapitiriza. Woonera filimu amangopita kutsogolo, ndipo nkhope iliyonse yatsopano imamufunsa ntchito: uyu ndani, ali mbali iti, ndimusunge m'mutu kapena ayi? Dairekitala akakuonetsa munthu akutsika pahatchi mwaulemerero, kuwala kuli ngwee kumbuyo kwake, wakulonjeza kuti munthu ameneyu ndi wofunika. Ngati munthuyo sadzaonekanso, woonera amakhala ngati wamunamiza. Glorfindel ndi wotero ndendende. Amafika, amapulumutsa Frodo, amalankhulako pamsonkhano wa Elrond, mtsogoleri wa ku Rivendell, kenako ulendo umapitirira iye n'kutsala ku Rivendell. M'buku izi n'zokoma, chifukwa zimakupatsa chithunzi choti dzikoli ndi lalikulu, lodzaza ndi anthu amphamvu amene ali ndi nkhani zawozawo. Mufilimu zimakhala ngongole yosabwezedwa.

Mbali inayo kunali Arwen, amene ali ndi vuto losiyana. Iyeyu ndi chifukwa chachikulu chimene Aragorn, woperekeza Frodo ndi anzake paulendowo, akuvutikira, ndipo pamapeto pa zonse amakwatirana. Koma m'buku loyamba amangooneka atakhala paphwando ku Rivendell, Frodo akumuyang'anira patali. Nkhani ya chikondi chawo Tolkien anaiika m'zowonjezera za kumapeto kwa buku lachitatu. Filimu siingatumize woonera ku zowonjezera. Ngati ukwati wa mufilimu yachitatu uti ukhudze mtima wa munthu, mkwatibwi ayenera kudziwika kuyambira pachiyambi, ndipo ayenera kudziwika akuchita kanthu. Ndiye taonani: pali munthu amene ali ndi ntchito koma alibe tsogolo m'nkhani, ndi wina amene ali ndi tsogolo koma alibe ntchito. Aliyense wolemba sewero akhoza kuona chochita. Hatchi ya Glorfindel, yotchedwa Asfaloth, anaipereka kwa Arwen.

Chimene chimanditsimikizira kuti apa panali vuto lenileni la kapangidwe ka filimu, osati zokonda za munthu mmodzi, n'chakuti Jackson sanali woyamba. Ralph Bakshi atapanga filimu yake ya zidole zojambula mu 1978, nayenso Glorfindel anamuchotsa. Iye ntchitoyo anaipereka kwa Legolas, yemwe akanalowa ndithu m'gulu la apaulendo patsogolo pake. Madairekitala awiri, otalikirana zaka 23, anafika pamalo amodzi n'kuona chinthu chimodzi. Anangosiyana posankha wolandira katunduyo.

Mawu akuti katundu ndawagwiritsa ntchito dala, chifukwa ndi mmene ndinaphunzirira kuganizira za nkhaniyi. Kwa zaka zingapo ndinkayang'anira kalabu ya zisudzo pasukulu ina ya sekondale. Chaka china tinatenga nthano yaitali imene tinkaikonda kuti tiisandutse sewero la mphindi 30, ndipo ana okhulupirika pobwera kudzayeserera analipo 9 okha. M'nthanoyo munali mtsikana wokakamizidwa banja, azakhali ake awiri, ndi mayi wina woyandikana nawo nyumba amene ankamubisa. Ndinalemba pabolodi dzina la mtengambali aliyense, ndipo pambali pake ndinalemba zimene amachita zoti nkhani singayende popanda izo. Azakhali awiri ndi mayi uja ndinawaphatikiza kukhala munthu mmodzi, ndipo popeza mwana wosewera mbaliyo anali waluso zedi, ndinamupatsa mawu ambiri amphamvu. Tsiku lina tikuyeserera, mwana amene ankasewera ngati mtsikana uja anaima pakati, pepala lili m'manja.

"Aphunzitsi, pepani. Ndiye ineyo ndikukana pati?"

Ndinamufunsa kuti akutanthauza chiyani.

"M'buku muja ndimakana ndekha pamaso pa amalume. Panopa akundikanira ndi azakhali. Ine ndikungolira."

Ankanena zoona. Pabolodi paja ndinalemba zimene anthu ochotsedwawo ankachita, koma sindinalembe zimene ankamusiyira mtsikanayo kuti achite yekha. M'nthano muja azakhali anali amantha, mayi uja anali kutali, ndipo mpata umenewo ndi umene unkamukakamiza mtsikanayo kutsegula pakamwa. Nditapanga munthu mmodzi wamphamvu amene amapezeka paliponse, mpata uja unatsekeka.

Tibwerere kumtsinje. M'buku, Glorfindel samunyamula Frodo. Amafupikitsa zopondera za hatchi kuti zimukwane, n'kumukweza yekha. Frodo poyamba amakana, amati sangasiye anzake pangozi, ndipo Glorfindel amamuuza mosabisa kuti ngoziyo ikutsata iyeyo ndi mphete imene wanyamula, anzakewo popanda iye sali pamavuto. Adani atatulukira, Glorfindel amalamula hatchi kuti ithamange, iye n'kutsala pansi. Frodo amawoloka mtsinje wa Bruinen ali yekhayekha. Apa n'kuti patha masabata awiri chimulasireni pa phiri la Weathertop, kachidutswa ka mpeni kakuyenda m'thupi kulowera kumtima. Atafika tsidya linalo amatembenuka, amakweza lupanga lake, ndipo ndi mawu ofooka amawauza adaniwo kuti abwerere kwawo ku Mordor, sapeza mphete ndipo sapeza iyeyo. Iwo amamuseka. Mtsogoleri wawo amakweza dzanja, lilime la Frodo limamatirira, lupanga limathyoka n'kugwa. Kenako ndi pamene madzi amasefukira, ndipo amene anawalamula ndi Elrond, mwini chigwacho.

Frodo sapambana pamenepa. Kamunthu kakafupi, kodwala, kali pahatchi yoti si msinkhu wake, ndipo zimene akunena sizikuopseza aliyense. Koma wanena. Wowerenga amachoka pamtsinjepo akudziwa kuti munthu ameneyu ali ndi fupa, ndipo masiku angapo pambuyo pake akadzadzipereka kuti atenga mphete kupita nayo ku Mordor kukaiwononga, sitidabwa.

Mufilimu, Frodo pamtsinje paja ali m'manja mwa Arwen, maso atayera, akupuma movutika, osadziwa kumene ali. Wosolola lupanga ndi Arwen. Woyankha adani ndi Arwen. Woitana madzi ndi Arwen. Ndiye kuti Arwen sanalandire katundu wa Glorfindel yekha, analandira wa anthu atatu: hatchi ya Glorfindel, madzi a Elrond, ndi kulimba mtima kwa Frodo. Ziwiri zoyambazo zinalibe mwini woti angadandaule kwambiri. Chachitatucho chinachotsedwa kwa munthu amene nkhani yonse yatsamira pa iye.

Ndikumvetsa chifukwa chake. Ukangoganiza zoti Arwen adziwike pogwiritsa ntchito gawo limeneli, sungamusiye pansi hatchi n'kumapita. Kamera iyenera kutsata munthu mmodzi, ndipo ngati itsata Frodo, Arwen wabwerera pomwe anali Glorfindel, munthu wongobwereketsa hatchi. Chisankho choyamba chinabala chachiwiri. Ndipo sindinama, gawolo ndi lokongola. Liv Tyler, wosewera ngati Arwen, ali pahatchi pakati pa mitengo, nthambi n'kumukala patsaya, okwera mahatchi akuda akumupanikiza uku ndi uku: ndaliona kambirimbiri ndipo mtima umagundabe.

Kukanakhala kuti Frodo anataya mphindi imodzi yokhayi, sindikanalemba zonsezi. Koma pali Tom Bombadil.

Bombadil ndi mtengambali amene aliyense amadziwa kuti anachotsedwa. Ndi mkulu wansangala wovala nsapato zachikasu, woimba nyimbo nthawi zonse, amene amakhala m'mphepete mwa nkhalango yakale ndi mkazi wake Goldberry. Iye ndi zochitika zomuzungulira amadya mitu itatu yathunthu ya buku. Bakshi anamuchotsa, sewero la pawailesi ya BBC la mu 1981 linamuchotsa, Jackson anamuchotsanso. Chifukwa chodziwika n'chakuti sapititsa nkhani patsogolo: apaulendo amalowa m'nkhalango ali ndi mphete, amatulukamo ali ndi mphete, adani sanayandikire ndipo sanatalikire. Palinso chifukwa china chimene ndimachiona kuti n'champhamvu kuposa chimenechi. Bombadil amatenga mphete ija, amaivala, ndipo sazimiririka monga amachitira ena akaivala. Amaiponya m'mwamba ngati kaseweretsa n'kuibweza. Frodo akaivala, Bombadil amamuonabe. M'buku muli malo okwanira oti chodabwitsa chotere chikhale, ndipo pamsonkhano wa Elrond amachikambirana. Koma filimu yatha ola lathunthu ikukuphunzitsa kuti kachitsulo aka n'koopsa, kuti ngakhale Gandalf, mkulu wamatsenga wothandiza Frodo, akuopa kukakhudza. Ukaonetsa munthu akukaseweretsa, mantha amene wamanga aja amagwa, ndipo ulibe mphindi zoti uwamangenso. Pa ichi ine ndili kumbali ya Jackson popanda kukayika.

Vuto ndi zimene zinali m'thumba mwa Bombadil pamene ankatuluka pakhomo.

Choyamba ndi malupanga. Apaulendo anayi aja atachoka kwa Bombadil amasochera mu nkhungu n'kugwidwa ndi mzukwa wa m'manda akale. Bombadil akawapulumutsa amatulutsa chuma cha m'mandamo n'kupatsa aliyense mpeni wautali woti ukhale lupanga lake. Mipeni imeneyi inasulidwa kalekale ndi anthu amene ankamenyana ndi mfumu yamatsenga ya ku Angmar, yemwe ndi mtsogoleri yemwe uja wa okwera mahatchi akuda. Mabuku awiri pambuyo pake, pankhondo yaikulu kunja kwa mzinda wa Minas Tirith, Merry, mmodzi wa anayi aja, amabaya mfumuyi kumbuyo kwa bondo, mkazi wankhondo Éowyn n'kuimaliza. Tolkien amanena momveka kuti lupanga lina lililonse silikanamupweteka chotero. Mbewu inabzalidwa m'manda muja imadzabala patapita masamba mazanamazana. Mufilimu, Aragorn amangomasula kamtolo pa Weathertop n'kuwagawira malupanga opanda mbiri. Merry amabayabe, mfumu imagwabe, ndipo oonera ambiri safunsa. Uwu ndi mtengo wochepa, ndipo ndikuganiza kuti olembawo anauwerengera n'kuvomera kulipira.

Chachiwiri ndi chimene chimandiwawa. M'manda muja Frodo amadzidzimuka ali mumdima, anzake atatu atagonekedwa pambali pake ngati mitembo, lupanga lalitali litayalidwa pamakosi pawo. Dzanja la mzukwa likukwawa kulowera komwe kuli lupangalo. Ganizo limamubwerera: akavala mphete akhoza kuzemba, n'kupulumuka yekha, ndipo ngakhale Gandalf angavomere kuti panalibe chochita. Dzanja lake limafika mpaka m'thumba. Kenako amatola kalupanga kamene kanali pafupi n'kudula dzanja la mzukwalo. Palibe amene akumuona. Atafika ku Rivendell, Gandalf amamuuza kuti mwina imeneyo ndiyo inali nthawi yoopsa kuposa zonse paulendowo. Bombadil atachotsedwa manda anapita naye, chifukwa popanda iye palibe wowatulutsamo, ndipo mayeso oyamba a Frodo anapita ndi mandawo.

Onjezerani za pa Weathertop. M'buku Frodo amavala mphete, inde, koma amasololanso lupanga n'kudziponya pansi kukantha kumapazi a mdani wake asanalasidwe. Mufilimu lupanga limamupulumuka m'manja, iye n'kugwa chagada akubwerera m'mbuyo. Ndiye kuti asanafike ku Rivendell, Frodo wa m'buku waima katatu pamaso pa zinthu zomuposa mphamvu, pamene wa mufilimu sanaimeko n'kamodzi komwe. Palinso za msinkhu. M'buku pamapita zaka 17 kuchokera paphwando la Bilbo, amene anamusiyira mphete, kufika pamene Frodo akunyamuka, ndipo amanyamuka ali ndi zaka 50. Filimu inazipanikiza zakazo mpaka kuoneka ngati miyezi, ndipo Elijah Wood, wosewera ngati Frodo, anali ndi zaka 18 pamene ankayamba kujambula mu 1999. Palibe chimodzi mwa zosankhazi chimene ndingachitche cholakwika pachokha. Chilichonse chili ndi chifukwa chomveka. Koma zonse zinakankhira mbali imodzi, ndipo zotsatira zake ndi Frodo wina, wonyamulidwa kuposa wodziyendera. Ndamvapo anthu amene anangoonera mafilimu okha akunena kuti Frodo ndi wofooka, ngwazi ndi mnzake Sam. Amene anawerenga buku sanena zimenezi mophweka chotero.

Olembawo ndikukhulupirira kuti ankadziwa kuti ali ndi ngongole, chifukwa anayesa kubweza. Pamsonkhano wa Elrond m'buku, Frodo amadzipereka anthu onse atakhala duu. Mufilimu amadzipereka pakati pa mkangano, aliyense akukuwa, mawu ake osamveka mpaka atabwereza, ndipo kamera imapita pankhope ya Ian McKellen, wosewera ngati Gandalf, akutsinzina ndi chisoni. Nkhope imeneyo imanena zimene buku lingafune ndime yathunthu kuti linene. Ndi mphindi yabwino kwambiri, ndipo ndi ya filimu yeniyeni. Koma ikunyamula yokha mtolo umene m'buku unanyamulidwa ndi zochitika zinayi.

Sikuti kuphatikiza anthu kumathera poipa nthawi zonse. Mu filimu yachiwiri, ya mu 2002, muli chitsanzo choyera. M'buku, amene amafika m'bandakucha ndi Gandalf kudzapulumutsa ozingidwa m'linga la Helm's Deep ndi mkulu wankhondo wotchedwa Erkenbrand, yemwe tangomumvera dzina, pamene Éomer, mwana wa mlongo wa mfumu ya dzikolo, ali m'kati akumenya nkhondo usiku wonse. Filimu inamuthamangitsa Éomer m'dziko koyambirira, kenako n'kumubweretsa m'malo mwa Erkenbrand. Woonera akaona nkhope pamwamba pa phiri amaidziwa, amadziwa mmene anachokera, ndipo kubwera kwake kumatseka bala la banja lachifumu. Chinatayika ndi ubwenzi wa Éomer ndi Aragorn womangidwa pomenya nkhondo limodzi, koma palibe amene analandidwa chisankho chake. Kusiyana kwake ndi za pamtsinje kuli pamenepo. Erkenbrand ankanyamula ntchito yokha. Glorfindel ankanyamula ntchito, komanso ankadziwa pobwerera m'mbuyo.

N'zochititsa chidwi kuti ku Helm's Deep komweko gulu la Jackson linatsala pang'ono kubwereza zomwe linachita pamtsinje. Anajambula Arwen akumenya nawo nkhondoyo, kenako anazisiya, ndipo mufilimu imene inatuluka mulibe. Ndimaona ngati anazindikira kuti mtengambali ukamamusenzetsa katundu wa aliyense amasiya kukhala amene anali, ndipo Arwen, wa mtundu wosafa, amene mphamvu yake ili pa kusankha kufa ngati munthu wamba chifukwa cha chikondi akanasanduka msilikali wina chabe pakhoma. Bombadil naye sanatheretu. Mu filimu yachiwiri yotalikitsidwa, mtengo umakola Merry ndi mnzake Pippin ndi mizu yake m'nkhalango ya Fangorn, ndipo Treebeard, mbusa wa mitengo, amaulamula kuti uwasiye ndi mawu amene m'buku loyamba anali a Bombadil polankhula ndi mtengo wina, m'nkhalango ina.

Sewero lathu lija tinalikonza madzulo omwewo. Azakhali ophatikizidwa aja tinawasiya mmene analili, chifukwa ana analipobe 9 ndipo mphindi zinali 30 zomwezo. Tinangosintha chinthu chimodzi. Amalume asanalowe, wina amabwera kudzawaitana azakhali kuti mwana wadwala kunyumba, iwo n'kutuluka mothamanga. Zinatidyera masekondi osakwana 20. Mtsikana uja ankatsala yekha pamkeka, chitseko n'kutseguka, ndipo mawu okana ankawanena yekha atagwada, mutu uli pansi koma mawu akumveka mpaka kumbuyo kwa holo.